Cifalansa ca pa Kasumbalesa cimayambira pa manambala

Ngati mumakwera basi kucoka ku Kitwe, kudutsa Chingola ndi Chililabombwe mpaka pa Kasumbalesa, mukudziwa kale kuti makasitomala amene amagula katundu wambiri pa boda paja ni anzathu a ku Congo. Ni cimodzimodzi pa Mokambo kufupi ndi Mufulira, ndi pa Sakania kufupi ndi Ndola. Cibemba cimathandiza pa moni cifukwa tsidya lija aliko ocikamba, koma nkhani ikafika pa mtengo mumamva Ciswahili ca ku Lubumbashi, ndipo manambala ake kambiri amachulidwa m'Cifalansa. Apa m'pamene womasulira amalowa pakati n'kudyapo yake. Manje ngati mufuna kuphunzira cinenero kuti cikubweretsereni ndalama, yambirani pa kuwerenga 1 mpaka 100.

Coyamba kudziwa n'cakuti Cifalansa ca ku Congo cinabwera ndi anthu a ku Belgium, ndiye cimasiyanako ndi ca m'mabuku a ku France. Ku Congo 70 amati seputanti ndipo 90 amati nonanti. Buku la ku France lidzakuphunzitsani kuti 70 ni swasanti-disi, kutanthauza 60 kuwonjezapo 10, ndipo 90 ni katre-ven-disi, kutanthauza ma 20 anayi kuwonjezapo 10. Phunzirani zonse ziwiri, cifukwa pa msika mudzamva za ku Congo koma pa mayeso mudzakumana ndi za ku France.

Tiyeni tiyerekeze kuti mukugulitsa mazira. Mayi wocokera ku Lubumbashi akuimbirani foni ati afuna mathireyi katorozi, imwe mwamva karanti. Katorozi ni 14, karanti ni 40. Mwalipira galimoto kucoka ku Kitwe ndi mathireyi 40, ndipo 26 atsala padzuwa opanda mwini. Ma nambala ena amene amasokoneza conco ni trezi ndi tranti, 13 ndi 30, komanso sezi ndi swasanti, 16 ndi 60. Palinso msampha wa 95 akaichula mwa ku France, katre-ven-kenzi. Khutu losazolowera limagwira katre-ven, yomwe ni 80, n'kusiya 15 yakumapeto. Ngati munali kukamba za madola, madola 15 apita.

Mankhwala ake ni osavuta. Mukamva nambala, ibwezeni mokweza, kenaka ilembeni pa kakyuleta kapena muitumize pa WhatsApp kuti winayo avomere. Funsaninso kuti ni ndalama iti, cifukwa pa boda pamayenda kwaca, madola a ku America ndi mafaranga a ku Congo nthawi imodzi.

Pa mapepala napo pali kusiyana. M'Cifalansa kakoma kamagwira nchito ya kadontho kathu, ndiye 1,5 ni cimodzi ndi hafu. Masauzande amawasiyanitsa ndi mpata kapena kadontho, moti mukaona 1.500 pa invoisi muwerenge kuti ni 1500. Kalaliki wa kampani ya mathiraki kapena yokhomera katundu pa boda amene sadziwa izi angalembe kulemera kolakwika, thiraki n'kugona pa mzere masiku owonjezera.

Mukafuna nchito ya mu ofesi, kukamba cabe sikukwanira, mabwana amafuna pepala. Pepala lodziwika ni DELF, la boma la France, ndipo mayeso ake amalembedwa kupyolera ku Alliance Française monga ya ku Lusaka. Lili ndi masitepe anayi: A1, A2, B1 ndi B2. Wa A2 angathe kugula, kugulitsa ndi kufunsa njira. Wa B1 angathe kufotokoza vuto pa foni ndi kulemba kalata yaifupi, zomwe n'zimene kampani ya mathiraki imafuna tsiku ndi tsiku. Kucoka pa ziro kufika pa B1 pamafunika maola pafupifupi 350 mpaka 400, ndiye wophunzira ola limodzi tsiku lililonse atenga caka ndi kamwezi. Ubwino wake ni wakuti DELF ukaipeza siitha nchito. Mabungwe monga COMESA, yomwe likulu lake lili ku Lusaka, amagwiritsa nchito Cingelezi, Cifalansa ndi Ciarabu, koma kumeneko cinenero cimakwera pamwamba pa digiri kapena luso lina, sicilowa m'malo mwake.

Mungadziyese mweka musanalipire sukulu iliyonse. Pemphani mnzanu wa ku Congo akuchulireni manambala 20 pa foni, mwaliwiro lake la pa msika, imwe muzilemba. Mukaphonya oposa awiri, musapange dili ya pakamwa cabe, pitirizani kulembetsa mtengo uliwonse pa foni mpaka khutu litazolowera.