Agogo anaimitsa buku langa pa mphindi yachitatu

Maso a agogo anga anayamba kuchita khungu zaka zingapo zapitazo, ndipo pano ngakhale buku la nyimbo amangoligwira m'manja mwachizolowezi. Chimene chimawawawa kwambiri ndi kabuku ka mbiri ya mudzi wathu, kufupi ndi ku Nkhoma, kamene malume anga analemba n'kusindikiza kalekale. Mutu wachitatu umakamba za njala ya 1949, ndipo bambo awo a agogo akutchulidwamo. Malume atandilola, ndinati ndiwajambulire mutu umenewu pafoni kuti azimvetsera nthawi imene afuna.

Ndinkaona ngati ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndinajambula masamba ndi Google Lens, n'kukopera mawu onse, n'kuwerenga ndili chogona. Mawu 2,400 ndinawamaliza m'mphindi 19. Nditawaseweretsera Loweruka, agogo anakweza dzanja pa mphindi yachitatu.

"Iwe, tazimitsa kaye. Ndani anakuuza kuti kwa amfumu ankaimba ngoma?"

M'buku munalembedwa ng'oma. Foni inameza kachizindikiro ka pakati pa g ndi o, ndipo ine pothamanga ndinawerenga zimene ndinaona. Ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana ija. Munthu wowerenga ndi maso akanadzikonzera yekha mumtima, koma womvetsera amalandira chimene chalowa m'khutu basi, sangabwerere mzere wam'mbuyo kukaona.

Ndiye ndinayambiranso, ulendo uno buku lenileni lili kumanzere, kompyuta kumanja, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Zolakwika za foni zinkabwerezabwereza. Kachizindikiro ka ng' kanasowa malo ambiri, moti ndinasaka paliponse pamene pali ng n'kuona limodzilimodzi. Chilembo cha l chinasanduka 1 m'malo mwina. Mawu amene osindikiza anawadula kumapeto kwa mzere anakhala mawu awiri, ngati "anapi" ndi "ta". Dzina la buku ndi nambala ya tsamba, zimene zimakhala pamwamba, zinalowerera pakati pa chiganizo paliponse pamene tsamba latha. Izi n'zosavuta kuchotsa, bola uzione usanatsegule pakamwa.

Chimene chinandidyera nthawi ndi zinthu zolembedwa molondola koma zosawerengeka mokweza. Malume anaika timanambala ting'onoting'ono tolozera ku ndemanga za m'munsi mwa tsamba. Zinalipo zisanu. Zitatu zinkangotchula kumene anapeza nkhaniyo, ndipo ndinazisiya. Ziwiri zinali ndi nkhani yeniyeni, choncho ndinaziika kumapeto kwa ndime, n'kuyamba ndi mawu akuti "wolemba akuwonjezera kuti", womvetsera adziwe kuti tapatuka pang'ono. Zaka nazo ndinazilemba mmene timazitchulira. Palibe amene ndinamumvapo akuwerenga 1949 m'Chichewa chenicheni cha zikwi ndi mazana, ndiye papepala langa ndinalemba "naintini fote naini" kuti lilime lisakadodome. Pamene malume anagwira mawu a m'makalata akale, a nthawi imene ankalemba c yekha m'malo mwa ch, ndinasintha "cimanga" kukhala "chimanga". Zimenezi sikusintha buku ayi, katchulidwe n'komweko.

Nkhani ya mayina ndinaiyamba modzikhulupirira, poti ndine Mchewa ndipo bukulo ndi la kwathu. Apa m'pamene ndinachita manyazi. Kalembedwe kathu sikasonyeza pamene mawu akwera kapena kutsika. Taganizani mawu akuti mtengo. Mtengo wa mkuyu mawu amakwera pa "te", pamene mtengo wa chimanga pamsika amakhala pansi. M'chiganizo nkhani imakuthandiza kusankha. Koma dzina la munthu kapena la kamtsinje limaima lokha, palibe chokuuza. Dzina la bambo awo a agogo ndinali nditalikweza pamalo polakwika, ndipo anandiuza mosabisa kuti ameneyo sakumudziwa.

Ndinalemba mayina onse a m'mutuwo papepala, anakwana 23. Amene ndinkawakayikira ndinawafunsa malume kuti anditchulire pa WhatsApp, dzina lililonse kawiri, kamodzi palokha, kamodzi m'chiganizo. Chachiwirichi n'chofunika chifukwa kakwezedwe ka mawu kamasintha dzina likakhala pakati pa mawu ena. Kenako ndinalemba ndi zilembo zazikulu mbali imene imakwera, paliponse pamene dzinalo likupezeka m'mutuwo, kuti ndisatchule mwina koyambirira, mwina kumapeto.

Panalinso dzina lachilendo, la mbusa Vlok, amene pamodzi ndi Murray anayambitsa mishoni ya ku Mvera mu 1889. Ine ndinkaliyamba ndi v wa vuto. Msuweni wanga wa ku Joni anandiuza kuti m'Chiafirikanzi chilembo chimenechi chimamveka ngati f, ndiye ndi Flok. Pa mayina akale a malo ndinatsata njira ina. Pamene buku likuti Fort Johnston ndinawerenga momwemo, koma koyamba kokha ndinawonjezera kuti "kumene lero timati ku Mangochi". Malume anavomera. Ndikanangosintha dzinalo mwakachetechete ndikanakhala ndikulemba buku langa, osati kuwerenga lawo.

Tsopano liwiro. Mphindi 19 zija zikutanthauza mawu pafupifupi 126 pa mphindi. Mukaona malangizo a Chingerezi amatchula mawu 150 kapena kuposerapo, ndiye mwina mungati ndinkachedwa. Koma liwu limodzi la Chichewa ngati "sanadzabwerenso" lanyamula zimene Chingerezi chimanena ndi mawu anayi kapena asanu. Kuwerengetsa mawu kumanamiza. Ulendo wachiwiri ndinatha mphindi 24, mawu 100 pa mphindi, ndipo agogo sanandiuzenso kuti ndikuthamangitsidwa ndi galu.

Sindinachite kukoka mawu kuti nthawi italike, zimenezo zimamveka ngati ukuwerengera ana a sitandade wani. Mphindi zisanu zowonjezerazo zinapita pa kupuma. Ndinasindikiza mutuwo ndi zilembo zazikulu, n'kutenga pensulo. Kamzere kamodzi ndi popumira mpweya, timizere tiwiri ndi pothera ndime, pamene ndinkawerenga mumtima "wani, thuu" ndisanapitirize. Makoma a malume sindinawadalire, chifukwa ziganizo zina zinkayenda mizere inayi popanda popumira.

Kusankha popumira kuli ndi chinsinsi chake m'Chichewa. Tikamaima, timatalikitsa kaphatikizo kachiwiri kuchokera kumapeto. Tanenani "anapita kumunda" n'kuima, mumva "mu" akutalika. Ndiye mpweya ukakuthera pakati pa "nkhokwe" ndi "ya amfumu", pakamwa pamatalikitsa "nkho" pokhapokha, ndipo womvetsera amaona ngati ganizo latha. Ukamamvetsera zimene wajambula, malo oterewa amadziulula okha. Ndinapeza asanu ndi awiri, n'kusuntha timizere tanga.

Pa ndime imene ikutchula anthu amene anamwalira ndi njala, ndinapuma pambuyo pa dzina lililonse. Apa sindinayeze ndi wotchi. Ndinkangoganiza kuti agogo ena mwa anthuwa ankawadziwa nkhope.

Kujambula kwenikweniko kunali kopepuka. Ndinadikira usiku magalimoto atachepa, n'kutseka zenera, foni itatalikira chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa. Ndikalakwitsa ndinkaomba m'manja kamodzi n'kubwereza chiganizo chonse kuyambira poyamba. Mu Audacity kuomba kuja kumaoneka ngati kamzere kakatali, ndiye podula sipavuta kupeza.

Loweruka lotsatira agogo anamvetsera mphindi 24 zonse dzanja lili pachibwano. Atamaliza anati dzina la bambo awo tsopano lili bwino, koma kamtsinje kamene malume analemba kuti kali kum'mawa kwa mudzi kali kumadzulo. Chimenecho ndawasiyira eni buku. Ine ndayamba mutu wachinayi, ndipo muli mayina 31.