Nambala ya foni m'kope si malonda ayi

Chionetsero cha zamalonda chikatha ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ogulitsa amabwerera ku maofesi awo atanyamula makope odzaza maina ndi manambala a foni. Bwana akafunsa kuti zayenda bwanji, yankho limakhala lakuti, "Makasitomala tapeza ambirimbiri." Mawu amenewa amandidetsa nkhawa, chifukwa ndi amene amachititsa kampani kuitanitsa katundu wochuluka ndi ndalama zakunja zovuta kupezazi, katunduyo n'kudzangokhala m'nyumba yosungiramo mpaka mvula kugwa.

Ulendo wa wogula, kuyambira tsiku limene tamva dzina lake kufikira tsiku lolipira, amalonda amautcha paipilaini. Pa ulendowu pali malo atatu amene anthu amawasokoneza. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Salesforce amaona pa kompyuta mawu akuti Lead ndi Opportunity, ndipo pakati pake pali batani la Convert. Batanilo silifunsa mafunso, aliyense atha kulidina. Nkhani yagona pa zimene munthu ayenera kudziwa asanalidine.

Tiyerekeze kampani yogulitsa mapampu othiririra oyendera dzuwa, pampu imodzi K3 miliyoni, ndipo yabwerako ku chionetsero ndi maina 200. Onsewa ndi malidi. Lidi ndi munthu amene waonetsa kachidwi, kapena amene tikumuganizira kuti angafune katundu wathu, koma sitinatsimikize kalikonse za iye. M'kopemo muli mlimi wa tomato wa ku Ntcheu, muli wophunzira amene amafuna chithunzi cha pampu, mulinso wogulitsa mnzathu amene amangofuna kudziwa mtengo wathu. Wochulukitsa 200 ndi K3 miliyoni n'kuuza bwana kuti kukubwera K600 miliyoni wanama, ngakhale atakhala kuti sanafune kunama.

Ntchito yeniyeni ili pa kusefa, ndipo kusefa ndi kufunsa. Pali njira yakale yotchedwa BANT, imene inatchuka ndi kampani ya IBM, yofunsa zinthu zinayi: kodi ndalama zilipo, kodi amene tikulankhula nayeyu ndiye mwini chiganizo, kodi vuto limene katundu wathu amathetsa ali nalodi, nanga akufuna kugula liti. Pa pepala zimaoneka zophweka, koma pa foni zimafuna luso, pakuti kwathu kuno sungafunse munthu wamkulu kuti, "Ndalama muli nazo?" Umafunsa mozungulira. "Bambo, dimba lanu ndi lalikulu bwanji? Madzi mumatunga mumtsinje kapena pachitsime? Panopa mukuthirira ndi chiyani?" Akayankha kuti ali ndi maekala awiri m'mbali mwa mtsinje wosaphwa, ndipo petulo wa injini yake akumudyera phindu lonse, vuto lapezeka. Akati chitsime chake chimauma mu Seputembala, ndiye kuti pampu yathu simuthandiza, ndipo chilungamo n'kumuuza pomwepo.

Funso la mwini chiganizo ndi limene ogulitsa ambiri amalilumpha, mwina poopa kukhumudwitsa munthu amene wawalandira bwino. Mlembi wa kopaletivi atha kuikonda pampu ndi mtima wonse, n'kumaimba foni sabata iliyonse, koma ndalama za gulu sizituluka popanda komiti kukhala pansi, tcheyamani ndi msungichuma n'kusaina. Pabanja n'chimodzimodzi. Bambo akati "ndikambirane kaye ndi mayi kunyumba", osawatenga ngati akuzemba. Akukuuzani kuti pali wina amene simunalankhule naye, ndipo funso loyenera n'lakuti, "Kodi tingabwere tsiku limene mayi aliponso?"

Nthawi nayo ili ndi kalendala yake. Mlimi amagwira ndalama akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, kuyambira cha mu Epulo kupita m'tsogolo, ndipo pampu amaifuna m'chilimwe. Amene wakuuzani mu Januwale kuti alibe ndalama sanakane. Apa mpamene BANT imaperewera ikatsatidwa mouma mutu: imataya munthu wabwino chifukwa choti wafunsidwa mwezi wolakwika. Woteroyo alembedwe padera, ndi tsiku lodzamuimbiranso.

Tinene kuti mwa maina 200 aja, 40 apyola pa sefa. Awa ndiwo ogula oyenera: tatsimikiza kuti angathe kugula ndipo pampu ingawathandize. Komatu kutha kugula ndi kuyamba kugula n'zosiyana, monga kudziwa kuti uje ndi mbeta kumasiyana ndi kutumiza ankhoswe. Kufikira pano, zonse zachitika kumbali ya wogulitsa. Ndife tafunsa, ndife taweruza.

Mwayi wa malonda umabadwa wogula akachitapo kanthu iye mwini, kanthu komudyera nthawi kapena ndalama. Tinene kuti kopaletivi ina ya ku Ntcheu yalola kuti katswiri wathu apite akayeze kuya kwa madzi ndi kutalika kwa mapaipi. Yapempha kotesheni ya mapampu awiri, K6 miliyoni. Komiti yaika nkhaniyi pa msonkhano wake wa pa 15 Meyi. Tsopano tili ndi zinthu zolembeka: katundu wake, mtengo wake, tsiku loyembekezera yankho, ndi chochita chotsatira chimene mbali zonse zagwirizana. Chimodzi mwa izi chikasowa, ine sindiuwerenga ngati mwayi.

Onaninso kuti pano tasiya kuwerenga anthu, tayamba kuwerenga malonda. N'chifukwa chake mu Salesforce mukadina Convert, lidi imasanduka Account, kutanthauza bungwelo, ndi Contact, munthu wolankhula naye, pamene Opportunity imaima payokha ndipo mutha kusankha kusaitsegula. Kopaletivi imodzi itha kukhala ndi mwayi wa mapampu chaka chino ndi wina wa mathanki chaka chamawa. Mwayi woyamba ukalephereka, kopaletiviyo ikadali wogula woyenera.

Mwa 40 aja, tiyerekeze kuti papezeka mwayi wa mapampu 12, wonse pamodzi K36 miliyoni. Ngakhale imeneyi si ndalama youza bwana kuti ikubwera. Ngati mabuku a kampani akuonetsa kuti zaka zapitazi pa makotesheni atatu alionse imodzi ndiyo inkasanduka malonda, choyembekezera ndi K12 miliyoni, mapampu anayi. Chiwerengero cha chimodzi mwa zitatuchi chichokere m'mabuku anu, osati m'mutu mwa wogulitsa, pakuti wogulitsa aliyense amakhulupirira kuti wake yekhayo agula ndithu. Kusiyana kwa K600 miliyoni ndi K12 miliyoni ndiko kumauza kampani kuti iitanitse mapampu angati ndiponso ngati ingalembe ntchito munthu wina.

Paipilaini yodwala imadziwika msanga. Tsiku loyembekezera yankho limangosunthidwa, Meyi kukhala Juni, Juni kukhala Ogasiti, popanda chatsopano chimene wogula wachita. Pamalo olemba chochita chotsatira pamangolembedwa kuti "kumuimbiranso". Kotesheni inatumizidwa kwa munthu amene sanaipemphe, ndipo mtengo wake unatha ntchito kalekale kwacha itagwa. Ndipo mawu aulemu aja, "tikuimbirani" kapena "tiona", amalembedwa ngati lonjezo, chonsecho tonse tikudziwa kuti nthawi zambiri ndi njira yokanira mosachititsa mnzako manyazi.

Ogulitsa amaopa kuchotsa mwayi wakufa pa mndandanda chifukwa mndandanda waufupi umaoneka ngati ulesi. Apa mlandu ndimaupereka kwa mabwana. Mukamayamikira wogulitsa chifukwa cha kutalika kwa mndandanda, adzakubweretserani mndandanda wautali. Pa msonkhano wa Lolemba m'mawa, tengani mwayi umodziumodzi n'kufunsa kuti wogulayu wachita chiyani iye mwini chikumaniraneni sabata yatha, ndipo mwapangana kudzachita chiyani, tsiku liti. Yankho likasowa masabata atatu otsatizana, mwayiwo utsekedwe, chifukwa chake chilembedwe, ndipo dzinalo libwerere kwa ogula oyenera kudikira nyengo yokolola.