A Dikoni, yambani ndi amene sali pa mndandanda

A Dikoni athu atsopano, Ambuye Episkopi atakusanjikani manja Loweruka, ndinaona anthu akuthamangira kukulandirani chikwama. Zizichitikabe zimenezo. Kumudzi adzakupatsani mpando iwo atakhala pansi, ndipo ndikupemphani kuti nthawi zambiri muziukana n'kukhala nawo pamphasa. Munthu wanjala saulula njala yake kwa amene akumuyang'ana kuchokera pampando.

Mukumbukire kumene udindo wanu unachokera. Pa Ntchito za Atumwi mutu 6, akazi amasiye olankhula Chigiriki ankadumphidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku ku Yerusalemu, ndipo mpingo unasankha amuna 7, kuphatikizapo Stefano ndi Filipo, kuti akonze zimenezo. Chakudya chinalipo ndithu, koma ena sichinkawafika.

Zomwezo zinachitika pa mphakati wathu chaka china mu Januwale. Tinasonkha matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50, n'kulemba mabanja 20 kuti lililonse lilandire theka la thumba. Mayinawo tinawatchula titakhala pamsonkhano, choncho aliyense anatchula nkhope zimene amaziona Lamulungu. Patapita sabata ziwiri tinakazonda gogo wina amene mwendo unamutupa ndipo anali atasiya kubwera kutchalitchi. Tinapeza mafuwa ali zii, phulusa lozizira, adzukulu atatu amasiye akudya mango aawisi owiritsa. Dzina lake panalibe. Palibe anamuchotsa mwankhanza. Tinangomuiwala, ine ndemwe, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Choncho mndandanda ukabwera kwa inu, musathamangire kusainira. Funsani kuti ndani wasiya kuoneka kuyambira nthawi yokolola, ndiponso ndani sanapereke masika. Kawirikawiri timawayesa ofooka pa chikhristu pamene akuchita manyazi chifukwa alibe choti apereke kapena chovala. Pitani konko wapansi, pamodzi ndi mayi mmodzi wa mumphakati, chifukwa pali zina zimene mayi wamasiye sangauze mwamuna. Musafunse kuti “muli ndi chakudya?”, pakuti adzayankha kuti “chilipo pang'ono”. Yang'anani nkhokwe, yang'anani pamoto, funsani ana kuti adya chiyani dzulo.

Ndalama za osauka musawerenge nokha. Mukhale awiri kapena atatu, zilembedwe m'buku tsiku lomwelo, ndipo ngakhale m'bale wanu weniweni atakhala wovutika, dzina lake alitchule ena. Ndipo chonde, thumba lifike madzulo mwakachetechete, popanda kujambula gogo atagwada pambali pake.

Theka la thumba silifikitsa banja la anthu anayi kumapeto kwa Febuluwale. Lembani tsiku limene mwapereka, ndipo pakatha sabata zitatu mubwererenso kukaona ngati pamafuwa paja pali moto.