Dzanja lili ndi malire ake poyeza nsima

Sabata ino ndinaona mayi wina wa matenda a shuga ataimika chibakera pambali pa mtanda wa nsima, akuyerekeza ngati zikulingana, monga anamuuzira kuchipatala. Ndinamuyamikira mumtima, chifukwa m'makhitchini athu ambiri mulibe sikelo, koma dzanja aliyense amayenda nalo, ndiponso limakula molingana ndi mwini wake. Chibakera cha munthu wamkulu chimayandikira kapu imodzi ya mamililita 250, ndipo chikhatho, osawerengera zala, chimapereka nyama kapena chambo cha magalamu pafupifupi 90. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti muyeso umenewu umaona kukula kokha, suona kulemera. Nsima yolimba ya mgaiwa ndi phala lamadzimadzi zikhoza kudzaza kapu yomweyo, koma ufa umene walowa mu nsimayo ndi wochuluka kwambiri, ndipo shuga m'magazi amatsatira ufawo. N'chifukwa chake ine ndimati woyeza ayambire pa ufa usanalowe mumphika: kapu yomweyomweyo tsiku lililonse, yosalaza pamwamba ndi mpeni, osati yotumphuka. Mafuta ophikira ndiye amatipusitsa koposa. Supuni yaikulu yoyezera ndi mamililita 15, ndipo mafuta odzaza mmenemo ali ndi makalori pafupifupi 120. Amene amathira m'ndiwo mopendeketsa botolo amatha kupyola masupuni atatu osazindikira. Masupuni a m'nyumba nawonso salingana, choncho ndi bwino kuyesa yanu kamodzi ndi kachivindikiro ka mankhwala a ana kolembedwa 5 ml, n'kuisunga padera kuti ikhale ya mafuta basi.