Chimbudzi chakuda ndi magazi

Chimbudzi chakuda bii ngati phula, chomata ndi chonunkha koopsa, nthawi zambiri chimatanthauza kuti magazi akutuluka m'chifu. Zilonda za m'mimba ndizo zimachititsa kawirikawiri, makamaka kwa omwa aspirini kapena bulufeni tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze bambo akumwa bulufeni chifukwa cha msana, ndiye chimbudzi chada, akaimirira akumva chizungulire, mtima ukugunda mofulumira. Ameneyo apite kuchipatala lero lomwe, ngakhale usiku.

Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo nawonso amadetsa chimbudzi, koma sichimata chotero.

Magazi ofiira ochepa podzipukuta angakhale a mudzi. Kaonaneni ndi dokotala sabata yomweyo. Koma mwana akamatsegula m'mimba mwa kamwazi, chonde musagone naye pakhomo.