Foni Izindikire Katundu, Ife Tiwerenge

Ambiri a ife amene tili ndi kagolosale kapena okala timadandaula likafika tsiku lowerenga katundu. Chimene chimadya nthawi si kuwerengako ayi, koma kufunafuna dzina la katundu m'kope, kulemba, kenako n'kukoperanso pena. Foni ya kamera ingatipeputsire ntchitoyi tikamata zizindikiro za QR pa mashelefu ndi pa makatoni. QR ndi kachithunzi ka timadontho takuda kokhala ndi timabokosi titatu m'makona. Inapangidwa ku Japan mu 1994 ndi kampani ya Denso Wave pofuna kulondoloza zipangizo za magalimoto.

Tidziwiretu kuti chizindikiro sichiwerenga katundu. Chimangouza foni kuti uyu ndi katundu wakuti, ali pamalo pakuti. Choncho m'chizindikiro tiikemo dzina lalifupi lokha, monga A2-SOPO, kutanthauza sopo wa pa shelefu A, mzere wachiwiri. Tisaikemo chiwerengero kapena mtengo, chifukwa izi zimasintha pomwe pepala lomata silisintha.

Wina anganene kuti katundu wambiri amabwera ali kale ndi bakhodi, timizere takuda tija tokhala ndi manambala 13 kunsi kwake. N'zoona, ndipo foni imaiwerenga. Koma bakhodiyo ndi yofanana pa sopo yense wa mtundu ndi kukula kumodzi. Sinena shelefu imene sopoyo ali, ndipo pa zakudya sinena tsiku lothera mphamvu, limene tiyenera kuonabe ndi maso. Nyemba kapena mchere wopima tokha ulibe bakhodi n'komwe. N'chifukwa chake chizindikiro chathuchathu cha pa shelefu chimathandiza.

Zizindikirozi tingazipange ndi pulogalamu ya pafoni n'kukazisindikiza pa pepala wamba loyera. Chilichonse chikhale cha masentimita 3 mbali zonse, kuti foni ichiwerenge ili pa mtunda wa masentimita ngati 30. Podula tisiye malire oyera kuzungulira, chifukwa tikadula mpaka pa timadontho kamera imavutika. Kunsi kwake tilembenso dzina lija ndi zilembo, kuti foni ikakana tilitaipe pamanja. Tipewe pepala la malisiti, limene limafufuta ndi dzuwa, ndipo tikaphimba ndi selotepi isakhale ndi makwinya onyezimira. Kamera payokha imangoonetsa dzinalo osalisunga, choncho pafunika pulogalamu yowerengera katundu imene imatilola kulemba chiwerengero n'kusunga mndandanda. Tiiyese kaye titazimitsa intaneti, kuti tisadzagwire njakata bandulo itatha.

Tiyerekeze kuti sopo wathu amabwera 24 m'katoni. Tatseka golosale kuti pasalowe kapena kutuluka kanthu, ndipo tayambira kumanzere kupita kumanja. Tikufika pa A2, taloza kamera pa chizindikiro, foni yaonetsa dzina. Pali makatoni 3 omata ndi sopo 7 wapadera. Makatoni atatu ndi sopo 72, kuphatikiza 7 tipeza 79, ndipo ndi nambala imene tikulemba. Tichonge pa shelefu ndi choko kuti tisawerenge kawiri. Katoni yotsegulidwa tiikhuthule n'kuwerenga mmodzimmodzi, ngakhale ikuoneka yodzaza.

Tsopano kope likuti payenera kukhala sopo 103, kutanthauza kuti wasowa 24. Tisathamangire kuloza chala mwana wogulitsa. Kusiyana kukafanana ndendende ndi katoni imodzi, tiyambe taganiza kuti katoniyo ili kuchipinda chosungira ndipo sitinaiwerenge, kapena tinalemba m'kope makatoni amene sanafike onse. Cholakwa china chimabwera tikamagwiritsa ntchito bakhodi ya kufakitale. Katoni nthawi zambiri imakhala ndi yakeyake, ya manambala 14, yosiyana ndi ya sopo ali m'katimo. Pulogalamu ikapanda kuuzidwa kuti katoniyo ndi sopo 24, imaitenga ngati chinthu chimodzi kapena katundu wina.

Kusiyana kukakhala kochepa, monga 4 kapena 5, tione kope la ngongole ndi sopo amene tinatenga kukagwiritsa ntchito kunyumba osalemba. Tikapeza wochuluka kuposa wa m'kope, mwina tawerenga malo amodzi kawiri, ndipo dzinalo lioneka kawiri pa mndandanda. Koma sopo wa mtundu wina akasowa 6, wina n'kuchuluka 6, ndiye kuti anasakanikirana pa shelefu ndipo foni inakhulupirira chizindikiro.

Choncho lamulo likhale lakuti tikasuntha katundu, chizindikiro chisinthidwe tsiku lomwelo. Tiyambe ndi shelefu imodzi ya katundu woyenda msanga, tiiwerenge ndi foni komanso ndi kope kwa masabata awiri. Manambala akagwirizana, timate zizindikiro pa mashelefu otsalawo.