Ndalama zanu zachedwa kubwera? Lembani kalata yokhala ndi tsiku

Tiyerekeze kuti pa 4 Malichi banja lina linagula firiji pamtengo wa K850,000. Patangotha sabata, firijiyo inasiya kuziziritsa. Pa 18 Malichi anaibweza kusitolo, ndipo manijala anasaina kapepala kovomereza kuti abweza ndalama zonse pasanathe masiku 30. Lero tili mu Julaye, ndalama kulibe, firiji kulibe. Akapita amauzidwa kuti abwana achokapo, akaimba foni amamva zoti nkhani ili kulikulu.

Zikafika apa, ena amangogwa ulesi, ena amakalalata pakauntala. Njira zonse ziwirizi sizibweza ndalama, chifukwa wapakauntala si amene amasaina cheke, ndipo mawu apakamwa sasiya umboni. Kudikira nakonso kumadya ndalama. Tikumbuke kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene ankadikira kubwezeredwa ndalama nthawi imeneyo anadzalandira nambala yomweyo, koma yosakwananso kugula katundu yemweyo. Chofunika tsopano ndi kalata yokumbutsa, yaulemu koma yosanyengerera.

Mphamvu ya kalata yotere ili m'masiku ndi manambala. Musanalembe, khalani pansi ndi lisiti, kapepala kolonjeza kubweza ndalama, ndi mauthenga onse amene munatumizirana. Papepala lapadera ndandalikani zimene zinachitika, chilichonse ndi tsiku lake. Ngati tsiku lina mwaliiwala, yang'anani mufoni, poti imasunga tsiku limene munaimba kapena kutumiza uthenga. Kenako funsani udindo wa munthu amene amavomereza zolipira, kaya ndi manijala wa nthambi kapena mkulu wa zachuma, ndipo kalatayo ilunjike kwa iyeyo. Kalata yongolembera kampani, yopanda mwini, imazungulira m'matebulo mpaka kusowa.

Pamwamba lembani keyala yanu, tsiku la 14 Julaye, ndi keyala ya sitoloyo. Zotsatira zake zikhale motere:

Bwana,

KUKUMBUTSA ZA KUBWEZA K850,000, LISITI NAMBALA 2071

Pa 4 Malichi ndinagula firiji kusitolo kwanu pamtengo wa K850,000. Firijiyo inasiya kugwira ntchito, ndipo pa 18 Malichi ndinaibweza. Tsiku lomwelo munavomereza polemba kuti mundibwezera ndalama zonse pasanathe masiku 30, kutanthauza pofika pa 17 Epulo.

Ndinabwera kudzafunsa pa 22 Epulo, ndinaimba foni pa 15 Meyi, ndipo ndinatumiza uthenga pa 10 Juni. Mpaka lero sindinalandire ndalamazo, ndipo papita pafupifupi miyezi itatu chidutsireni tsiku limene munalonjeza.

Ndikupempha kuti muike K850,000 muakaunti yanga, imene ndailemba m'munsimu, pofika pa 28 Julaye. Ngati pali chikalata chimene chikusowa kumbali yanga, chonde ndidziwitseni polemba sabata ino isanathe. Tsikuli likadutsa ndisanalandire ndalama, ndidzakapereka dandaulo langa ku bungwe la CFTC.

Ndaphatikiza makope a lisiti ndi kapepala kamene munasaina. Ndikhulupirira kuti nkhaniyi titha kuimaliza patokha.

Ine wanu,

M'munsi mwake musaine, mulembe dzina lanu lonse, nambala ya foni ndi nambala ya akaunti.

Onani kuti kalatayi ikukwana tsamba limodzi. Ilibe mawu oti akuba, ilibe nkhani ya ndiwo zimene zinawonongeka kunyumba, komanso ilibe kupepesa. Ulemu wake uli m'mawu ngati "ndikupempha" ndi "chonde", ndiponso popereka mpata woti anene ngati china chikusowa. Kulimba kwake kuli pa tsiku la 28 Julaye. Mawu oti "mwamsanga" kapena "posachedwa" aliyense amawamva mmene akufunira, koma tsiku lenileni likadutsa palibe angatsutse. Masabata awiri ndi okwanira: ofesi imatha kukonza malipiro m'nthawi imeneyi, ndipo si yaitali moti nkhani n'kuiwalikanso.

Chiganizo chonena zimene mudzachite chimafuna kusamala. Tchulani chinthu chimodzi chokha, chimene mudzachitedi. CFTC ndi bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, ndipo limalandira madandaulo a ogula katundu. Ngati amene akusunga ndalama zanu ndi banki kapena kampani ya inshuwalansi, malo oyenera kutchula ndi ofesi yoyang'anira mabungwe azachuma ku Reserve Bank of Malawi. Musaopseze ndi loya pamene mulibe ndalama zomulipira, chifukwa tsiku likadutsa osaona loya, kalata yanu yotsatira sadzaiwerengeranso. Musaopsezenso kuti mukawayalutsa pa Facebook. Kutchula munthu kuti wakuba pagulu kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri, ndipo nkhani ya ndalama zanu ingasanduke nkhani ya pakamwa panu.

Kaperekedwe ka kalata n'kofunika mofanana ndi mawu ake. Sindikizani makope awiri. Imodzi muisiye, inayo akudindireni chidindo, asaine ndi kulembapo tsiku limene alandira. Akakana kudinda, itumizeni kupositi ngati kalata yolembetsa ndipo musunge kalisiti kake, kapena muitumizenso pa imelo. Lisiti lenileni lisachoke m'manja mwanu. Perekani fotokope yokha, chifukwa lisiti likasowera muofesi mwawo mwatsala opanda umboni.

Yankho limene mungalandire lidzakuuzani ngati nkhani ikuyenda. Akalemba kuti alipira tsiku lakuti, ngakhale litapitirira pang'ono pa 28 Julaye, mutha kuvomera, bola zikhale zolembedwa. Akangoti "tikuunika nkhani yanu" osatchula tsiku, dziwani kuti palibe chasintha, ndipo tsiku lanu likhale lomwelo. Akapempha zikalata zimene munapereka kale, perekaninso kamodzi, mukutchula tsiku limene munaperekera poyamba. Akakuimbirani foni n'kulonjeza pakamwa, tumizani uthenga tsiku lomwelo wobwereza zimene mwagwirizana, kuti lonjezolo likhale ndi umboni.

Pali mayankho awiri amene amakola anthu ambiri. Loyamba ndi loti mutenge firiji ina m'malo mwa ndalama. Ngati mwaikonda, palibe vuto, koma poti anavomereza kale polemba kuti abweza ndalama, mutha kukana mwaulemu n'kuwakumbutsa kapepala kaja. Lachiwiri ndi kulipira pang'ono, mwachitsanzo K400,000. Landirani, koma werengani bwino chimene akukusainitsani. Ngati chikunena kuti nkhani yatha, musasaine. Lembani kuti mwalandira K400,000, kuti kwatsala K450,000, ndi tsiku limene yotsalayo idzaperekedwe.

Pa 29 Julaye, ngati muakaunti mulibe kanthu, musalembe kalata ina yokumbutsa. Tengani kope yodindidwa ija, lisiti, kapepala ka lonjezo ndi mndandanda wa masiku, mukapereke dandaulo kumene munanena. Ofesi yolandira madandaulo imafuna kudziwa ngati munayamba mwadandaula kwa eni sitolo, ndipo kalata yodindidwayo ndiyo idzakuyankhireni. Kumeneko zikakanika, mapepala omwewo ndi amene mudzapite nawo kukhoti la majisitireti.